Ndalama za Sitolo Si Ndalama za Pakhomo

M'tsamba lathu la mwezi uno tikupatsani kalata imene mayi ena adalembera mwana wawo wamwamuna. Mayiwa akhala akugulitsa m'golosale yawo, pa malo ena a malonda m'chigawo chapakati, kwa zaka zoposa 20, ndipo ana awo onse adawaphunzitsa sukulu ndi ndalama za pa kauntala yomweyo. Iwo adatilola kuti tiisindikize kalatayi, pokhapokha tichotsemo maina a anthu ndi a malo, ndipo tachita momwemo.

Kuti muimve bwino kalatayi, tiyambe takuuzani chimene chidachititsa kuti ilembedwe. Mwana wawoyo ali pa banja ndipo ali ndi mwana mmodzi. Iye adatsegula golosale yakeyake ndi mpamba wa K1,600,000. Gawo lina la ndalamazi adalipeza atagulitsa soya ndi mtedza, gawo lina adampatsa ndi mayi akewo. Patapita miyezi 6 adatumiza mawu kwa mayi ake kupempha kuti amuonjezere mpamba. Iye adati malonda akuyenda bwino ndithu, anthu akugula tsiku ndi tsiku, koma katundu m'mashelefu akungocheperachepera, ndipo ndalama sakuziona kumene zikupita. Mumtima mwake adali ataganiza kale zinthu ziwiri: mwina wina akumuba m'matsenga, zija amati chitaka, kapena mlamu wake wamng'ono amene amamthandiza kugulitsa ali ndi dzanja lalitali. Nkhaniyi idali itayamba kale kuutsa mkangano pakati pa iye ndi mkazi wake.

Mayiwo sadatumize ndalama. Adakwera basi, nakakhala kwa mwana wawo masiku awiri, nawerenga katundu yense pamodzi ndi mwini wake. Atabwerera kwawo adalemba kalata ili m'munsiyi. Mitengo imene ili m'kalatamu ndi ya nthawi imene idalembedwa, ndipo mitengo imasintha. Chimene tikupempha kuti muchiyang'anitsitse ndi kawerengedwe kake.

*

Wokondedwa mwana wanga,

Ndidafika bwino kuno kumudzi ndipo onse ndidawapeza ali bwino. Uwapatse moni apongozi anga, ndipo uwathokozenso chifukwa cha mmene adandisungira. Mdzukulu wanga umpsompsone m'malo mwanga.

Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa mawu a pafoni amauluka, koma kalata ukhoza kuiwerenga kawiri kapena katatu mtima utakhala pansi. Uiwerenge pamodzi ndi amake mwana, pakuti nkhaniyi ndi ya inu nonse awiri.

Ndiyambe ndi zimene tidapeza usiku uja titatseka chitseko. Katundu yense wa m'mashelefu ndi wa m'chipinda chakumbuyo, titamuwerenga pa mtengo umene udaodera, adakwana K780,000. Ndalama za m'dilowa pamodzi ndi za pafoni zidali K140,000. Ngongole zimene anthu adatenga kwa iwe, kuwerenga za okhawo amene tikudziwa kuti adzabweza, zidali K130,000. Zonsezi pamodzi ndi K1,050,000. Tidachotsapo K50,000 imene iwe sudamalize kulipira ku holoselo, ndipo idatsala K1,000,000. Umenewu ndiwo mpamba wako lero. Udayamba ndi K1,600,000. Tsono K600,000 yachoka m'sitolo pa miyezi 6, ndiye kuti K100,000 mwezi uliwonse. Funso lako lidali lakuti, wazitenga ndani? Tiye tilondole mapazi ake.

Ndikuyamikire poyamba kuti umalemba m'kope ndalama zimene wagulitsa tsiku lililonse, ndiponso umasunga malisiti a ku holoselo. Popanda zimenezo sitikadapeza chilichonse. Kope lako likuonetsa kuti umagulitsa pafupifupi K100,000 pa tsiku, ndipo umatsegula masiku 26 pa mwezi. Choncho pa mwezi zimadutsa m'manja mwako ndalama zokwana K2,600,000. Ndalama zimenezi ndi zambiri, ndipo munthu wozigwira tsiku ndi tsiku amayamba kudziona ngati wolemera. Apa ndi pamene pagona msampha wa aliyense wa sitolo.

Titayerekeza malisiti ndi mitengo imene umagulitsira, tidaona kuti pa K100 iliyonse imene wogula wakupatsa, K90 ndi mtengo wa katundu amene watuluka. K10 yokha ndiyo yoonjezerapo. Ndiye kuti madzulo ukawerenga K100,000 m'dilowa, K90,000 mwa ndalamazo ndi shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira amene angosintha maonekedwe. M'mawa adali pa shelefu, madzulo ali m'dilowa ngati mapepala, ndipo ayenera kubwerera pa shelefu ngati katundu. Ndalama zimenezi mwini wake ndi shelefu. Iwe wangozisungira.

K10,000 yotsalayo nayonso ili ndi eni ake ena. Pa mwezi imakwana K260,000. Lendi ya nyumba ya sitolo ndi K40,000. Maulendo okaoda katundu pamodzi ndi onyamula amadya K35,000. Magetsi ndi K15,000. Majumbo, laisensi ya ku khonsolo tikaigawa pa miyezi 12, ndi katundu woonongeka monga buledi wogona ndi mazira osweka, zimakwana K20,000. Zonsezi pamodzi ndi K110,000. Tikachotsa pa K260,000 ikutsala K150,000. Limeneli ndilo phindu lenileni la sitolo yako pa mwezi. Pa tsiku silifika ndi K6,000 yomwe. Pa K100,000 ija imene umaiwerenga madzulo, imene ungaidye popanda kupweteka sitolo ndi yosakwana K6,000.

Tsopano kumbukira pamene tidakhala pansi atatu, iwe, apongozi anga ndi ine, n'kuyamba kukumbutsana zimene zimachoka m'sitolo kupita pakhomo. Palibe ndi chimodzi chomwe chidalembedwa, choncho tidachita kuwerenga ndi pakamwa. Tsiku lililonse umatapa m'dilowa pafupifupi K4,000 ya ndiwo, makala ndi chigayo. Pakhomo amadya masiku onse 30, ndiye kuti K120,000 pa mwezi. Shuga, mafuta, sopo, buledi ndi masamba a tiyi zimene mumangotenga pa shelefu zidakwana K60,000 pa mtengo woodera. Mayunitsi a foni ndi kabaza ndi K1,000 pa tsiku, ndiye kuti K30,000. Zothandizira abale, zopepesa pa maliro ndi zopereka pa maukwati zidakwana K40,000. Ukaphatikiza upeza K250,000.

Sitolo imabala K150,000, pakhomo pamatenga K250,000. Kusiyana kwake ndi K100,000 pa mwezi, ndipo pa miyezi 6 ndi K600,000, ndendende ndalama imene ikusowa. Mwana wanga, m'sitolo mwako simudalowe chitaka. Mlamu wako sadabe kanthu. Masamu akwanira popanda iye, ndipo ukuyenera kumpepesa mnyamatayo pamaso pa mlongo wake, chifukwa adamva zimene unkanena ndipo wakhala akuyenda chozolika pakhomo pako. Kunamizira mwana wa eni ake kuba ndi chinthu chimene chimatha mabanja.

Sindikunena kuti udamwaza ndalama pa zinthu zopanda pake. Sindidapeze mowa kapena juga m'nkhani yako, ndipo ndikuthokoza. Zonse zimene udagula ndi zofunika pakhomo. Vuto ndi lakuti dzanja limodzi lomwelo limalandira ndalama za ogula ndi kulipira za ndiwo, kuchokera m'dilowa imodzi, popanda cholembera. K4,000 ikachoka pa mulu wa K100,000 siioneka, monga mmene mbale imodzi ya chimanga siionekera ikachoka m'nkhokwe yodzaza. Koma mwini nkhokwe amadzazindikira mwezi wa Januwale.

Ndikupatse chitsanzo cha shuga, chifukwa udandiuza kuti paketi imodzi kapena awiri si kanthu. Belo la shuga lili ndi mapaketi 20, ndipo udalioda pa K60,000, ndiye kuti K3,000 paketi. Umagulitsa pa K3,300. Ukagulitsa onse 20 upeza K66,000, phindu K6,000. Tsopano tenga mapaketi awiri okha upite nawo kunyumba osalipira. Atsala 18, ndipo ukawagulitsa upeza K59,400. Ndalama imeneyi siikwananso kugula belo lina. Wanyamula belo kuchokera ku tauni, waima pa kauntala kugulitsa mapaketi 18, ndipo watsiriza ndi ndalama yochepa kuposa imene udayamba nayo. Paketi imodzi yopita kunyumba imadya phindu la mapaketi 10 ogulitsidwa.

Mwina ufunsa kuti, nanga bwanji malonda sadatsike ngati mpamba ukutha? Sadatsike kwenikweni chifukwa wakhala ukubisa bala ndi miyendo yako. Kale unkapita kukaoda kamodzi pa sabata n'kutenga makatoni athunthu. Tsopano umapita kawiri kapena katatu, n'kumatenga theka la katoni kapena madazeni. Ndidaonanso kuti wafutukula sopo m'mashelefu kuti mipata isaoneke, ndipo zinthu zodula monga mkaka wa ufa ndi mafuta a malita 5 wasiya kuoda. Pa masiku awiri amene ndidakhala pa kauntala, anthu angapo adafunsa zinthu n'kuuzidwa kuti zatha. Munthu ukamuuza katatu kuti zatha, ulendo wachinayi amalowa sitolo ya mnzako ndipo sabweranso. Zimenezi ndizo zizindikiro za sitolo imene ikudyedwa ndi mwini wake. Ukapitiriza chomwechi, maulendo ochuluka adzadya phindu, malonda adzatsika, ndipo udzayamba kutenga katundu pa ngongole kapena kupita kwa akatapila. Ofika pamenepo ndi ochepa amene amabwerera.

N'chifukwa chake ndalama imene udapempha sinditumiza tsopano. Kuthira madzi mumtsuko wobooka n'kutaya mphamvu. Ndikadakupatsa K600,000 lero, pakutha pa miyezi 6 ukadandilemberanso kalata yomweyo. Tiyambe tamata pobookapo, ndipo mmene ungamatire ndi motere.

Choyamba, udzilembe ntchito m'sitolo yako yomwe ndipo udziikire malipiro. Sitolo imabala K150,000, choncho malipiro ako akhale K100,000 pa mwezi. Uzitenga K25,000 Loweruka lililonse madzulo mutatseka, uzilemba m'kope, ndipo ndalamayo izichoka m'sitolo n'kupita m'manja mwa amake mwana kapena m'kachikwama ka pakhomo. Mwezi ukakhala ndi Loweruka lachisanu, usatengenso, koma mugawe K100,000 yomweyo kuti ikwanire. Ndiwo, makala, mayunitsi, kabaza, chopereka cha ku tchalitchi, zonse zizichokera m'kachikwamako. Kakatha Lachinayi, katha, ndipo mudikire Loweruka monga amachitira aliyense wolandira malipiro. Mphunzitsi ndalama zikamthera pakati pa mwezi sapita kukazula malata a sukulu.

Ndikudziwa kuti mudazolowera K250,000, ndipo kutsika kufika pa K100,000 kudzawawa. Sindikubisira. Koma K250,000 ija sitolo sidaipange. Munkadya mpamba, ndipo wakudya mbewu amakhuta mwezi umodzi n'kulira chaka chonse. Chimanga muli nacho cha kumunda, choncho njala simugona nayo. Kuseri kwa nyumba kuli malo oti n'kulimapo mpiru, tomato ndi anyezi. Buledi wa tsiku ndi tsiku akhoza kusinthana ndi mbatata kapena phala. Apongozi anga adandiuza kuti amadziwa kuphika mandasi. Ayambe, koma ndi kope lawolawo ndi kachikwama kawokawo, ndipo ufa, shuga ndi mafuta azigula m'sitolomo ndi ndalama monga wogula wina aliyense. Ngati pakhomo pakufunika zambiri kuposa zimene sitolo ikubala, yankho lake ndi kuchepetsa zofuna kapena kupeza njira ina yopezera ndalama. M'dilowa mulibe yankho.

Chachiwiri, chilichonse chochoka pa shelefu chizilipiridwa, ngakhale bokosi la machesi. Mukafuna shuga pakhomo, mwana abwere ndi K3,300 ya m'kachikwama, aiike m'dilowa, atenge paketi. Ena amati mwini sitolo azilipira mtengo woodera. Ine ndimalipira mtengo wogulitsira, chifukwa lamulo likakhala limodzi kwa onse palibe chokangana, ndipo wogulitsa savutika kusunga mitengo iwiri m'mutu. Anthu adzakuseka kuti ukugula m'sitolo yako yomwe. Aleke aseke. Ana ako akamakula akuona bambo wawo akulipira, sadzatambasula dzanja pa botolo la maswiti.

Chachitatu, foni. Ndidaona kuti ogula amatumiza ndalama pa nambala yako yomwe umagulira mayunitsi ndi kutumizira abale. Pamenepo ndi dilowa yachiwiri, ndipo ndi yoopsa kuposa yoyamba chifukwa umayenda nayo m'thumba usana ndi usiku. Ukhale ndi nambala ina ya sitolo yokha, kaya ndi ya Mpamba kaya ya Airtel Money, ndipo foni yake izigona m'sitolo kapena pamalo amodzi odziwika. Madzulo uzilemba zimene zalowa pafoni pamzere wakewake, pafupi ndi za m'dilowa.

Chachinayi, za abale ndi zadzidzidzi, pakuti apa ndi pamene malamulo ambiri amathyokera. Sindidakulere kuti ukhale munthu wouma manja. M'bale akabwera ndi vuto umthandize, koma ndi za m'thumba mwako, monga mmene malipiro ako angathere. Ukhoza kunena mwaulemu kuti, "Amalume, za m'sitolozi n'zokaodera katundu mawa, koma landirani kangachepe aka ka m'thumba mwanga." Mawu amenewa ndi oona, ndipo wamkulu wanzeru adzawamva. Wofuna katundu pa ngongole alembedwe m'kope la ngongole ndi tsiku lobwezera, ngakhale akhale mwana wa bere limodzi ndi iwe. Ngakhale ine mayi ako ndikabwera, undilembe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Matenda ndi maliro sizidikira Loweruka, ndipo sindingakuuze kuti mwana akadwala usiku uziyang'ana dilowa yotseka. Tenga, thamanga naye kuchipatala. Koma m'mawa mwake ulembe kuti, tsiku lakuti ndabwereka K30,000 kwa sitolo, ndidzabweza K5,000 sabata iliyonse kwa masabata 6. Loweruka uzitenga K20,000 m'malo mwa K25,000 mpaka ngongoleyo ithe. Ukatero sitolo yakuthandiza pa tsoka lako koma sidachepe.

Chachisanu, K50,000 yotsala pa phindu isachoke m'sitolo. Iziwonjezera katundu mwezi ndi mwezi. Ukapirira miyezi 12 idzabweza K600,000 imene idapita. Mpamba ukadzabwerera pamene udali, udzayambe kupatula gawo lina la ndalamayi n'kumasunga padera, ku banki kapena ku banki m'khonde, kuti idzathandize pa feteleza ndi fizi ya mwana. Zinthu zikuluzikulu zotere zimafuna ndalama yosungidwa kale. Ukazitapa m'dilowa tsiku limodzi, mashelefu amakhala ngati mwadutsa dzombe.

Chotsiriza, tsiku lomaliza la mwezi uliwonse muzitseka msanga ndi kuwerenga monga tidachitira usiku uja: katundu pa mtengo woodera, ndalama za m'dilowa ndi za pafoni, ngongole zimene zidzabwezedwe, kuchotsapo zimene iwe uyenera kulipira ena. Nambala imene yatuluka uziilemba patsamba lomaliza la kope, pansi pa ya mwezi wathawo. Ikamakwera, sitolo ili moyo. Ikatsika, usagone usadapeze chifukwa chake. Ndipo ngati tsiku lina zonse zolembedwa zidzakhala bwino koma ndalama n'kusowabe, pamenepo ndi pamene ungayambe kufunsa ngati pali wakuba. Munthu wosalemba zimene iye mwini watenga alibe poyambira kuloza chala mnzake.

Unditumizire nambala imeneyi miyezi itatu yotsatizana. Ndikaona kuti ikukwera, tidzakambirana za kuonjezera mpamba, ndipo ndidzachita zimenezo ndi mtima wokondwa. Usakhumudwe ndi kalatayi. Malo udasankha ndi abwino, ogula amakukonda, ndipo sitolo yobala K150,000 pa mwezi ndi ng'ombe yamkaka. Uzikama mkaka, ng'ombeyo uisiye ndi moyo.

Ndine mayi ako okukonda.

*

Kalata ya mayiwa yathera pamenepa. Ife tingoonjezapo mfundo ziwiri zimene zingathandize owerenga amene akufuna kutsata njira imeneyi m'golosale, m'okala kapena pa benchi ya pamsika.

Mfundo yoyamba ndi ya kukwera kwa mitengo. Kawerengedwe ka mayiwa kamayenda bwino pamene mtengo wa ku holoselo wakhazikika. Koma tonse tikukumbukira kuti mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu idakwera motsatira. Pa nthawi zotere kope likhoza kumnyenga munthu. Tibwerere ku belo la shuga lija. Mwalioda pa K60,000, mwagulitsa lonse n'kupeza K66,000, ndipo kope likuti phindu ndi K6,000. Mukafika ku holoselo mupeza kuti belo tsopano ndi K65,000. Phindu lenileni pamenepa ndi K1,000 yokha, pakuti K65,000 iyenera kubweza belo pa shelefu. Amene adadya K6,000 ija poyesa kuti ndi yake adzapeza kuti ndalama yotsala siikwana belo lathunthu.

Tsono pa tsiku lowerenga katundu, pambali pa ndalama, ndi bwino kulembanso kuchuluka kwa zinthu zinayi kapena zisanu zimene zimayenda kwambiri: mabelo angati a shuga, makatoni angati a sopo, zigubu zingati za mafuta. Ngati ndalama ya mpamba yakwera kuchoka pa K1,000,000 kufika pa K1,100,000, koma mabelo ndi makatoni achepa, sitoloyo yaonda ngakhale nambala yanenepa. M'nyengo yotere mwini sitolo asafulumire kudzikwezera malipiro, ndipo mtengo wogulitsira aziuika poyang'ana mtengo umene akagulire katundu wina mawa. Ichi ndi chifukwa chinanso chimene mayiwa adachitira nzeru posiya gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu m'sitolo. Mitengo ikamakwera, mbali ina ya K50,000 ija imangothandiza kuti katundu asachepe, ndipo miyezi 12 yobwezera mpamba ikhoza kutalikirapo.

Mfundo yachiwiri ndi ya kaikidwe ka malipiro. Mayiwa sadayambe ndi kufunsa kuti pakhomo pakufunika ndalama zingati. Adayamba ndi kufunsa kuti sitolo ikubala zingati, ndipo malipiro adawadula kuchokera pamenepo. Ambiri amayamba ndi zofuna za pakhomo, nadziikira malipiro oposa phindu, ndipo ngakhale alembe bwinobwino m'kope, mpamba umathabe. Kulemba kumaonetsa kumene ndalama zapita, koma sikubweza ndalamazo. Malonda nawonso sakhala ofanana chaka chonse. M'madera a alimi ndalama zimayenda kwambiri miyezi yokolola ndi kugulitsa mbewu, ndipo zimasowa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Wodziikira malipiro poyang'ana mwezi wa Juni wokha adzadya mpamba nthawi ya dzinja. Njira yabwino ndi kuphatikiza phindu la miyezi yabwino ndi yoipa, kupeza la pakatikati, ndi kuika malipiro pansi pa pamenepo. Woyamba kumene, amene sadaone chaka chathunthu, adziikire malipiro ochepa kufikira atadziwa mmene malonda ake amayendera.

Kwa inu achinyamata amene mwayamba kugulitsa mandasi, mazira, tomato kapena mayunitsi, musayese kuti nkhaniyi ndi ya eni masitolo okha. Mpamba ukakhala wochepa, umathanso msanga. Mtsikana wogulitsa mandasi ndi mpamba wa K20,000 akatapapo K1,000 tsiku lililonse kuposa phindu lake, pakutha pa masabata atatu beseni lidzakhala lopanda kanthu. Zofunika pa ntchitoyi ndi zochepa: kope limodzi, cholembera, ndi zikwama ziwiri zosiyana, china cha malonda, china cha mwini wake.

Kwa inu makolo, taonani mmene mayiwa adathandizira mwana wawo. Akadatumiza ndalama msangamsanga, mwanayo akadawayamika, koma mlamu wake akadakhalabe ndi dzina la wakuba, banja likadapitiriza kukangana, ndipo ndalamazo zikadalowa m'dzenje lomwelo. Iwo adalolera kutaya masiku awiri a malonda awo, nakagwada pansi kuwerenga sopo mmodzimmodzi, kuti mwana wawo aone ndi maso ake kumene chuma chake chidapita. Mwana wanu akadzabwera kudzapempha mpamba woonjezera, muyambe mwamfunsa kuti abweretse kope lake, ndipo mukhale naye pansi muwerenge pamodzi.